x ikamayandikira ziro, x^x imathera pa 1, osati pa 0

Dzulo usiku mng'ono wanga amalimbikira kuti x^x ikuyenera kuthera pa ziro pamene x ikuchepera kupita ku ziro. Akuti nambala yaing'ono singabereke chachikulu. Tinatenga kakyuleta. Pa x = 0.5 tinapeza 0.707, pa 0.1 tinapeza 0.794, pa 0.01 panatuluka 0.955, ndipo pa 0.001 panatuluka 0.993. Ikukwera, anzanga, ikulunjika pa 1!

Chomwe chimasokoneza ambiri n'chakuti mukachokera pa x = 1, nambalayi imayamba yatsika kaye. Imatsika mpaka pa x = 1/e, pafupifupi 0.368, pomwe imafika pa 0.692, kenako n'kutembenuka. Woyesa nambala ziwiri zokha amaganiza kuti ipitirira kutsika.

Koma kakyuleta si umboni. Lembani x^x ngati e^(x ln x). Apa pali kukokana: x ikuthamangira ku ziro, pamene ln x ikutsika kunsi kopanda malire. Ndani apambana? Lembani x ln x ngati (ln x)/(1/x), mugwiritse ntchito lamulo la L'Hôpital. Pamwamba pakhala 1/x, pansi −1/x², ndipo mukagawa mutsala ndi −x, yomwe ikupita ku ziro. Choncho yankho ndi e^0 = 1.

Timayandikira ziro kuchokera kumanja chifukwa ln x imafuna nambala zoposa ziro.

Ndikupempheni chimodzi, makamaka aphunzitsi anzanga. Tisamauze ana kuti limiti iliyonse yooneka ngati 0^0 imapereka 1. Yesani 0^x pamene x ikuchepera kuchokera kumanja: imangokhala 0 njira yonse.