Sabata imene ndinalemba kabuku ka malamulo a logo

Lolemba m'mawa mayi amene amayang'anira kabungwe kena kothandiza ana asukulu ku Dedza anandiyalira zinthu zitatu patebulo: tisheti, kalendala ndi chithunzi cha khoma la ofesi yawo. Zonse zinali ndi logo imodzi, mtengo wobiriwira ndi dzina la bungwe pansi pake. Koma pa tisheti mtengowo unali wobiriwira ngati msipu wa Disembala, pa kalendala unkapita kukuda, ndipo pa khoma unali utafufuma m'mbali ngati wina waukhalira. "Achimwene," anatero, "anthu akumafunsa ngati tili mabungwe awiri. Tilembereni malamulo."

Anali nako kale kabuku ka masamba 30 kamene wina anawapangira. Ndinakawerenga konse madzulo omwewo. Kanali kokongola, kodzadza ndi mawu okhudza masomphenya a bungwe, koma mtundu wobiriwirawo unalembedwa m'njira imodzi yokha, #1B7A3D. Nambala imeneyi imagwira ntchito pa foni ndi pa kompyuta basi. Wosindikiza sangathire inki ndi nambala imeneyo, ndipo wopenta makoma sangapite nayo kusitolo ya penti. Ndinaganiza zoti aliyense amene amagwira logoyi, wosindikiza, wopenta ndi wopanga mapositala pa foni, akhale ndi tsamba lake, lolembedwa molingana ndi zida zimene amagwiritsa ntchito.

Lachiwiri ndinali kwa osindikiza ku Lilongwe. Makina awo amasakaniza inki zinayi zimene timazitcha CMYK, pamene foni imapanga mitundu ndi kuwala, njira ya RGB. Ukatumiza fayilo ya RGB, kompyuta imasintha yokha mitunduyo mmene yaonera, ndipo wobiriwira wowala ndi umodzi mwa mitundu imene imazilala kwambiri. Kalendala ija inada chifukwa cha zimenezi. Tinasindikiza timabokosi tisanu ndi kamodzi ta wobiriwira wosiyana pang'onopang'ono, pa pepala lonyezimira ndi pa pepala wamba, chifukwa pepala wamba limamwa inki ndipo mtundu umaoneka wofooka. Titatuluka nawo panja kuti tione ndi kuwala kwa dzuwa, tinasankha C85 M25 Y95 K10, muyeso wa inki iliyonse mwa zinayi zija. Pa tsamba la wosindikiza ndinalembapo nambalayi, ndi zoti logo izibwera ngati PDF kapena SVG yojambulidwa ndi mizere, imene imakula mpaka kukwana chikwangwani osaphwanyika. Zithunzi zikhale za 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi, pa kukula kumene zisindikizidwire. Mtundu ukamafika m'mphepete mwa pepala, upitirire ndi mamilimita 3 mbali zonse kuti mpeni wodulira ukaphonya pang'ono pasatsale kamzere koyera. Choncho positala ya A4, imene ndi mamilimita 210 ndi 297, imatumizidwa ili 216 ndi 303.

Tsiku limene ndinaphunzira zambiri linali Lachitatu, pamene ndinapita ku Dedza kukakumana ndi bambo amene amapenta makoma a bungweli. Ndi mmisiri wa dzanja labwino, zilembo zake zimaima chilili. Ndinawafunsa chimene anapatsidwa pojambula khoma lija. Anatulutsa foni n'kundionetsa kachithunzi ka pa WhatsApp kochepa ngati bokosi la machesi. "Mwana wanga, anandipatsa aka n'kundilozera khoma. Khomalo ndi lotambalala, ndiye ndinadzadza malo onse." Sanalakwe chilichonse. Palibe amene anawapatsa muyeso.

Tinakhala pakhonde n'kujambula logo ija pa pepala la timabokosi. Inakwana timabokosi 12 m'lifupi ndi 8 m'litali, ndipo tinagwirizana kuti mbali zonse kuzitsala bokosi limodzi lopanda kanthu, kuti zenera, chitseko kapena mawu ena asamaipanikize. Ndiye kuti malo onse ofunika ndi mabokosi 14 ndi 10. Khoma latsopano limene akufuna kujambulapo lili ndi malo a mamita 3 pakati pa mazenera awiri. Bokosi lililonse likakhala masentimita 20, logo imakhala mamita 2.4 ndi 1.6, ndipo pamodzi ndi malo opumira aja imatenga mamita 2.8 ndi 2. Yakwana. Akanati atenge bokosi la masentimita 25, pakanafunika mamita 3.5, ndipo apa ndi pamene munthu amayamba kufinya mbali imodzi. Lamulo limene ndinalemba ndi lalifupi: bokosi likhale lofanana mbali zonse, malo akachepa chepetsani bokosilo. Bambo aja anatenga chingwe chopaka choko, n'kuchikoka, n'kuchimenyetsa pakhoma, ndipo mizere inatuluka yowongoka pasanathe theka la ola.

Za penti zinatitengera masana onse. Penti ya madzi imaoneka yowala ikakhala yaiwisi ndipo imaderako ikauma, kotero munthu woyerekeza mtundu burashi ili m'manja amanamizidwa. Tinapaka timatabwa tinayi, kawirikawiri kalikonse, tinadikira kuti tiume, kenako tinatiika pafupi ndi pepala la kwa osindikiza lija. Kamene kanayandikira kwambiri ndinalemba kumbuyo kwake dzina la kampani ya pentiyo, dzina ndi nambala ya mtundu zimene zili pa chitini, ndi tsiku. Tinapanga timatabwa titatu totero: kena ka bambowo, kena ka mu ofesi, kena kanga, ndipo tizisungidwa mu envelopu chifukwa dzuwa limasuwitsa mtundu. Ine ndimakonda kuti penti igulidwe yosakaniza kale kusitolo. Ngati sizingatheke, isakanizidwe yonse nthawi imodzi m'ndowa imodzi, poyeza ndi kachitini kamodzi, ndipo muyesowo ulembedwe. Penti yosakaniza kawiri imaonekera pakhoma, pamakhala mzere pamene ya dzulo inathera.

Lachinayi ndinakhala ndi achinyamata asanu ongodzipereka amene amapanga mapositala pa foni. Iwowa safuna manambala ambiri, amafuna fayilo yoti atenge n'kuika. Ndinawakonzera foda ya mafayilo atatu a PNG opanda bokosi loyera kumbuyo: yobiriwira, yoyera yoika pa chithunzi chakuda, ndi yakuda yokha ya chidindo ndi fotokope. Mayina ake ndi osavuta, monga logo-yoyera.png. Potumizirana pa WhatsApp azisankha Document, chifukwa ikatumizidwa ngati chithunzi imafinyidwa ndipo m'mphepete mwa zilembo mumachita ngati utsi. Pokulitsa azikoka pa ngodya, osati m'mbali. Logo ikachepera mamilimita 25 m'lifupi dzina siliwerengeka, ndiye pamenepo aziika mtengo wokha.

Mtsikana wina anandionetsa vuto limene sindinaliganizire. Analemba mawu oti Malaŵi, ndipo chilembo cha ŵ chinatuluka chosiyana ndi zinzake, chifukwa fonti yakale ya bungweli, kutanthauza mtundu wa zilembo, inalibe chilembochi. Inalinso yogula, yoti iwo sangaipeze. Tinasankha Open Sans, imene ndi yaulere pa Google Fonts ndipo ili ndi ŵ, ndipo ndinalemba kuti ikasowa agwiritse ntchito Arial.

Lachisanu kabuku kanatha ndi masamba asanu ndi limodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Tsamba lina ndi la zithunzi zokhazokha za logo yofufuma, yopendekeka ndi yosinthidwa mtundu, iliyonse yothethedwa ndi mzere wofiira. Tsamba lomaliza likunena udindo wa munthu amene amavomereza ntchito isanasindikizidwe. Ndisanakapereke ndinapatsa mnyamata wina amene sanabwere Lachinayi, osamufotokozera kanthu, kuti apange positala. Zonse anachita bwino kupatula chimodzi: anaika logo yobiriwira pamwamba pa chithunzi cha munda wa chimanga, mtengo n'kusoweramo. Ndinabwerera pa kompyuta n'kuwonjezera chitsanzo chimenecho, logo yoyera ili pambali pake.