Ndamaliza kuwerengetsa mankhwala oti tigule chaka chamawa

Mapepala oitanitsira mankhwala alandiridwa dzulo ku ofesi yovomereza, ulendo wachitatu, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Amene mudzagwire ntchitoyi pambuyo panga, choyamba lembani masiku onse amene mankhwala anatha mosungiramo. Ndibwererako.

Zonse zimayambira pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri. Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linatulutsa woyamba mu 1977, wokhala ndi mankhwala pafupifupi 200, ndipo limaukonzanso zaka ziwiri zilizonse. Wa ana unabwera mu 2007. Umenewo ndi chitsanzo chabe. Dziko lililonse limasankhapo n'kupanga wakewake molingana ndi matenda amene akuvuta anthu ake, n'kulembanso kuti mankhwala awa afike pa chipatala chaching'ono, awa athere pa chachikulu. Zogula za boma zimachokera mmenemo.

Apa m'pomwe ndinapsera mtima. Ofesi yovomereza inabweza mapepala onse chifukwa pa mzere umodzi wokha ndinalemba dzina la kampani m'malo mwa dzina lenileni la mankhwala. Kulakwa kunali kwanga, sindikukana, chifukwa mndandanda umatchula dzina lenileni, mphamvu yake, komanso ngati ndi mapiritsi, akumwa amadzi kapena jakisoni, n'cholinga choti ogulitsa ambiri apikisane. Koma kundisunga pa benchi kuyambira mmawa mpaka nthawi yoweruka kuti andiuze zimenezo? Akanangondilozera mzerewo ndikanaukonza pompo. Wosayina anali atachoka, ndiye mlungu wonse unapita.

Za masiku aja tsopano. Mabuku ankasonyeza kuti amokisisilini anatuluka mabotolo 9,000 chaka chatha. Ine ndinagawa ndi 12 n'kupeza 750 pa mwezi. Mnzanga wina atafunyulula makadi a mosungiramo anaona kuti kwa miyezi itatu pa shelufu panalibe ngakhale botolo limodzi. Ndiye mabotolo 9,000 aja anatha m'miyezi 9, kutanthauza 1,000 pa mwezi. Tinawerengetsanso: 12,000 a chaka chonse, 4,000 a miyezi inayi yodikira katundu, 2,000 osungira zadzidzidzi, kuchotsapo 5,000 omwe alipo kale, n'kutsala 13,000. Ndi 750 uja ndikanaitanitsa 8,500 okha, odwala chibayo n'kumabwezedwa chimanjamanja chaka chisanathe. Mukaona khadi lalembedwa ziro milungu yotsatizana, musaganize kuti odwala anachepa.

Ndaiwala kunena kuti ndalama sizinakwane. Tinagawa mndandandawo patatu: opulumutsa moyo, ofunika, ndi ena omwe munthu angapirire popanda iwo. Insulini ndi okisitosini sitinawakhudze, tinadula m'gulu lachitatu. Mankhwala ena atsopano pa mndandanda analibe mbiri m'mabuku, choncho tinawerengera odwala omwe tikuyembekezera, kuchulukitsa ndi mlingo wolembedwa m'buku la malangizo a kachiritsidwe.

Makadi a chaka chino ndayamba kale kuwayendera mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku lililonse la ziro ndikulizunguliza ndi cholembera chofiira.