Sabata ya Descartes, ndi funso lachinayi lomwe latiwonongera mapepala

Lolemba ndi Lachiwiri palibe chonena. Ine ndi ophunzira anga a chaka chachiwiri tinali pa duwalizimu ya Descartes, katswiri wa filosofi wa ku France, monga mwa nthawi zonse: thupi ndi chinthu chotenga malo, chili ndi utali, mulifupi ndi kuya, ndipo sichiganiza, maganizo ndi chinthu choganiza, chosatenga malo ngakhale pang'ono, ndipo chilichonse mwa ziwirizi chingakhalepo popanda chinzake. Vuto lokhalo linali la mawu. Ukangoti "mzimu" potanthauza maganizowo, theka la kalasi limaona mzimu wa gogo wobwera kutulo, wokhala ndi nkhope, wodziwa njira ya kumanda. Mzimu wa Descartes ulibe pokhala, ulibe mbali, sungaudule pakati. Wophunzira amene sanagwire zimenezi sangaone chomwe chikuvuta m'mutu wotsatira, chifukwa mzimu wokhala ndi manja sungalephere kukankha thupi.

Chomwe chandikwiyitsa chinayamba Lachitatu. Phunziro la maola awiri linadulidwa kukhala mphindi 50 chifukwa holo anaipereka ku msonkhano wa akuluakulu, uthenga n'kutipeza m'mawa womwewo. Phunziro lodulidwalo ndi la makalata a Elisabeth, mwana wa mfumu ya Bohemia, ndipo layibulale ili ndi buku limodzi lokha lokhala ndi makalatawo. Makina ofotokopera ali opanda inki chiyambire teremu.

Mu May 1643 Elisabeth analembera Descartes funso lomwe mpaka lero silinayankhidwe mokhutiritsa. Iye anati chinthu chimasuntha chifukwa chakankhidwa, ndipo mmene chisunthire zimadalira kakankhidwe kake ndi maonekedwe a chokankhacho. Kukankha kumafuna kukhudzana, maonekedwe amafuna kutenga malo. Nanga maganizo, amene inu nomwe mwawalanda zonse ziwirizi, amasuntha bwanji mkono? Descartes anayankha ndi chitsanzo cha kulemera: anthu amaganiza kuti kulemera kumagwetsa mwala popanda kuukhudza, choncho tili nalo kale lingaliro la chinthu chosuntha chinzake mosachikhudza. Koma iye mwini ankaphunzitsa kuti kaganizidwe kameneka ka kulemera n'kolakwika, ndipo Elisabeth sanachedwe kumukumbutsa. Mu June anamulembera kuti kwa iye n'kosavuta kuvomera kuti mzimu umatenga malo kusiyana ndi kuvomera kuti chinthu chopanda thupi chingasunthe thupi. Yankho lachiwiri la Descartes linali lakuti mgwirizano wa thupi ndi maganizo timaudziwa bwino pa moyo wa tsiku ndi tsiku, osati posinkhasinkha mozama. Zimenezo n'zoona, tonse timakweza mkono tikafuna, koma Elisabeth sanakane kuti zimachitika. Anafunsa mmene zimachitikira.

Zonsezi mu mphindi 50 sizinakwane, ndipo zotsatira zake ndinaziona Lachinayi pochonga mayeso a pakati pa teremu. Funso lachinayi linafunsa mmene Descartes anayankhira vuto la kukhudzana kwa maganizo ndi thupi. Pafupifupi pepala lililonse linalemba chimodzimodzi: kudzera m'kachiwalo ka piniyo. Choipa kwambiri n'chakuti chikalata chochongera chomwe dipatimenti inatipatsa, chokopedwa chaka ndi chaka, chimapereka malikisi onse pa yankho limeneli.

Kachiwalo ka piniyo kali pakatikati pa ubongo, kukula kwake ngati kambewu ka mpunga. M'buku lake la 1649 lonena za zomwe mzimu umamva, Descartes anati ndi pamenepo pamene mzimu umagwirira ntchito kwambiri. Anakasankha chifukwa ankaona kuti ziwalo zina za ubongo zili ziwiriziwiri, kumanzere ndi kumanja, pomwe kameneka n'kamodzi. Ankakhulupirira kuti m'mitsempha mumayenda timpweya tosaoneka tochokera m'magazi, ndipo kachiwaloka kakapendekera uku kapena uko kamalozera timpweyato ku minofu yoyenera. Nicolas Steno, katswiri wa ziwalo za thupi, anaonetsa ku Paris mu 1665 kuti kachiwaloka sikanakhale momwe Descartes anakajambulira ndipo sikangapendekere momasuka choncho. Lero tikudziwa kuti ntchito yake ndi kutulutsa melatonini, yothandiza pa nthawi yogona ndi kudzuka.

Koma ngakhale Steno akanapeza kuti Descartes analondola, yankholi likanakhalabe lolakwika. Piniyo ndi nyama, imatenga malo ngati mkono womwewo. Ngati sizikumveka kuti chinthu chopanda malo chikankhe mkono wa makilogalamu atatu, sizimveka bwinopo chifukwa chokankhidwacho chachepa. Piniyo imayankha funso lakuti "pati", pomwe lofunsidwa ndi lakuti "bwanji". Wophunzira amene wamvetsa umamuzindikira pamenepa: amatchula piniyo, kenako amafunsanso funso la Elisabeth pa piniyo pomwepo.

Mapepala ochepa a ochita bwino anagwera m'dzenje lina. Analemba kuti maganizo sangasunthe thupi chifukwa zingawonjezere enaji m'dziko. Mfundoyi ndi yofooka, ndipo Lachisanu ndinailemba pa bolodi ndi manambala. Tenga mpira wa makilogalamu 2 ukuthamangira kum'mawa pa liwiro la mamita 3 pa sekondi. Descartes ankati chomwe sichisintha m'dziko ndi kukula kwa chinthu kuchulukitsa ndi liwiro lake, osawerengera kolowera, ndiye pano ndi 6. Tsopano tinene kuti maganizo akhotetsa mpirawo kuloza kumpoto, liwiro n'kukhala lomwelo. Nambala ya Descartes ikadali 6. Enaji, ½mv², pomwe m ndi kulemera ndipo v ndi liwiro, inali majulo 9 ndipo ikadali 9. Leibniz, katswiri wa filosofi ndi masamu wa ku Germany, anati apa ndi pomwe Descartes anapezera mpata: mzimu sumawonjezera kuyenda, umangokhotetsa.

Chotseka mpatawo ndi momentamu, yomwenso ndi kulemera kuchulukitsa ndi liwiro koma imawerengera kolowera. Poyamba mpira unali ndi 6 kum'mawa ndi 0 kumpoto, tsopano uli ndi 0 kum'mawa ndi 6 kumpoto. Kusinthaku n'kwa pafupifupi 8.5, ndipo payenera kupezeka chinthu china chomwe chalandira 8.5 yomweyo mobwerera, monga mmene khoma limalandirira mpira ukagunda. Maganizo opanda kulemera ndi opanda malo alibe polandirira.

Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza mkono. "Aphunzitsi, si paja munati malamulo amenewa amagwira pokhapokha ngati palibe chochokera kunja? Nanga wa duwalizimu sangangoti maganizo ndiwo chochokera kunjacho?" Anali wolondola, ndipo chikalata chochongera chija sichikanamupatsa ngakhale malikisi amodzi. Lamulo la momentamu pa lokha silipha duwalizimu. Limangoisandutsa nkhani yoti ingafufuzidwe: ngati maganizo amakankha, payenera kukhala malo ena mu ubongo pomwe selo la mtsempha layamba kutumiza uthenga popanda chochititsa chooneka. Njira yokweza mkono timaidziwa, kuchokera m'chigawo cha ubongo cholamulira kuyenda, kutsika ndi msana, mpaka pomwe mtsempha umathira mankhwala otchedwa asetikolini pa mnofu n'kuupangitsa kukungika. Ponseponse pomwe payezedwa m'njirayi, chochititsa chapezeka kuti ndi selo lina kapena mankhwala ena a m'thupi. Wa duwalizimu amatsala ndi kunena kuti mpatawo uli pomwe sipanayezedwe bwino, ndipo John Eccles, wopata mphoto ya Nobel pa ntchito ya mitsempha, anauika pa mphambano pomwe selo limatulutsira mankhwala opita kwa linzake.

Malebranche, amene anati Mulungu ndiye amasuntha mkono nthawi iliyonse munthu akafuna, tinangomutchula dzina belu likulira. Funso lachinayi ndalibweza ku dipatimenti ndi chikalata chochongera chatsopano: piniyo yokha malikisi 3 pa 10, otsalawo kwa amene wafotokoza chifukwa chomwe siikuyankhira funsolo. Andiuza kuti akambirana pa msonkhano wa mwezi wamawa, koma zotsatira akuzifuna Lachitatu likubwerali.