Ma Aureliano 17 pa pepala limodzi

Buku la Gabriel García Márquez la 1967, lomwe m'Chingerezi amalitcha One Hundred Years of Solitude, limasimba za banja la a Buendía a ku Macondo kwa mibadwo 7. Chimene chimazunguza mutu poliwerenga ndi maina. Mwana wamwamuna akabadwa m'banjali, kawirikawiri amangoti José Arcadio kapena Aureliano, basi.

Ine ndimatenga pepala, n'kuligoneka chopingasa, n'kumalemba ndi pensulo. M'badwo uliwonse uli ndi mzere wake. Pamwamba pali José Arcadio Buendía ndi mkazi wake Úrsula, yemwenso ndi msuweni wake. Mzere wachiwiri ndi wa ana awo: José Arcadio, Aureliano amene anadzakhala msilikali, ndi Amaranta. Rebeca anangoleredwa pakhomopo, choncho ndimamulumikiza ndi kamzere kodukaduka, koma akakwatiwa ndi José Arcadio ndimajambula mizere iwiri ya ukwati. Dzina likabwerezedwa ndimaliika nambala ya m'badwo ndi mawu amodzi ondikumbutsa, monga "Aureliano 2, nkhondo". Munthu akamwalira, kamtanda pambali.

Chimene ndaphunzira kwenikweni n'chakuti m'buku lotere uzitsata amayi, chifukwa maina a abambo sakuthandiza. Taonani Pilar Ternera. Sanakwatiwe m'banjali, ndiye n'kosavuta kumusiya kunja kwa pepala. Komatu anabereka Arcadio kwa José Arcadio, n'kuberekanso Aureliano José kwa mng'ono wake Aureliano. Anyamata awiriwa abambo awo ndi pachibale, mayi ndi mmodzi. Ndimamulemba Pilar m'mphepete, mivi iwiri n'kutsikira pa mzere wachitatu. Arcadio amakula osadziwa mayi ake, ndipo pamene ayamba kumufuna Pilar ngati mkazi, wowerenga amene alibe mivi ija saona kuopsa kwake.

Ana ena 17 a msilikali uja, onse ma Aureliano, ndimawaunjika m'bokosi limodzi. Ndimangotulutsamo amene wachita kanthu, monga Aureliano Triste amene anabweretsa sitima yapamtunda.

Mabuku ena amasindikiza kale chithunzi cha mibadwo kutsogolo. Ine ndimachiphimba. Chimaulula maukwati ndi ana a kumapeto usanafikeko, pomwe pepala lako limangodziwa zimene wawerenga. Ndimalemba ndikamaliza mutu, osati pakati, kuopa kudula nkhani.

Pa mzere wachinayi pepala limalephera. Mapasa José Arcadio Segundo ndi Aureliano Segundo ankasinthana maina ali ana, mpaka Úrsula kumakayikira kuti anasinthana kotheratu, poti aliyense anatengera khalidwe la dzina la mnzake. Apa musafufute n'kumafuna kukonza, wolembayo anachitira dala. Ndinangoika chizindikiro cha funso pakati pawo, n'kumawazindikira ndi anthu owazungulira: wa mkazi Fernanda ndi chibwenzi Petra Cotes ndi Aureliano, wa sitalaka ya pakampani ya nthochi ndi José Arcadio.