Nkhani ya ana yatha kukhoti, koma lipoti lija linandiwawa

Chigamulo chatuluka, ndapumako. Ana azikhala kwa mayi awo. Ine ndiziwatenga Lachisanu 5 koloko madzulo n'kuwabweza Lamlungu 4 koloko, modumphitsa sabata imodzi, ndipo tchuthi cha sukulu tizigawana pakati.

Zolemba mafomu ndi kupereka masamoni sindikambapo. Choti mudziwe n'chakuti woweruza safuna kumva kuti anayamba chibwenzi ndani. Amayang'ana zimene zingakomere mwana, mfundo imenenso ili m'pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989. Mafunso ake ndi akuti, amawasambitsa ndani? Akadwala usiku amathamanga nawo ndani kuchipatala? Sukulu ili kutali bwanji ndi nyumba yanu? Ana akazolowera malo, khoti silifulumira kuwasamutsa, komanso silikonda kulekanitsa ana apachibale.

Chinandipsetsa mtima ndi lipoti la a zachisamaliro cha ana. Anabwera kunyumba mayi wina waulemu wake, anaona pogona ana, anasuzumira kubafa, anafunsa amene amatsala nawo ndikapita kuntchito. Wamkulu uja, wa zaka 11, anacheza naye payekha. Maganizo a mwana wozindikira amamvedwa ndithu, koma sikuti iye ndiye agamula. Tsiku la mlandu ndinapempha kuntchito, ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, dzuwa kupendeka tikudikira. Kulowa m'khoti, woweruza atsegula fayilo, lipoti mulibe! Akuti linalembedwa koma palibe anasainira. Basi, mlandu auimitsa. Tsiku lonse lathera pabenchi chifukwa cha siginecha imodzi. Inu pitani kwa kalaliki tsiku lisanafike, mukafunse ngati lipoti lalowa m'fayilo.

Ndinaiwala, izi zisanachitike tinayamba takhala ndi mkhalapakati. Tinagwirizana kuti ndiziona ana "pa nthawi yoyenera". Mawu amenewa ndi msampha. Nthawi yoyenera kwa ndani? Ukaimba foni, lero ana ali ndi chimfine, mawa kuli alendo, ndipo sungadandaule kuti wina waphwanya pangano poti palibe tsiku linalembedwa. Uzani woweruza alembe tsiku, ola, malo operekerana ana ndi wokawatenga.

Pemphaninso chigamulo chongoyembekezera mlandu ukadali m'kati, apo ayi miyezi ipita osawaona, kenako mudzamva kuti ana anakuiwalani.

Ndalama zothandizira ana ndi nkhani ina, kuona ana ndi inanso. Musasiye kutumiza poti akukanizani kuwaona, khoti likutembenukirani. Tumizani m'njira yosiya umboni, malisiti musunge. Mauthenga a pafoni lembani ngati kuti woweruza awawerenga, chifukwa athu anawerengadi.

Chigamulo chikhoza kusinthidwa zinthu zikasintha kwambiri, monga wina akafuna kusamukira kutali. Koma ndibwereze: tsiku, ola ndi malo zilembedwe. Ndipo za lipotilo, kafunseni kwa kalaliki nokha ndi miyendo yanu, osadalira foni.