Imelo yanga yodandaula ku banki

Abale inu, apu ya banki ikalemba kuti `Request timed out` sikuti ndalama sinachoke ayi. Zimangotanthauza kuti foni yatopa kudikira yankho, koma uko ku banki nkutheka atadula kale. Ine izi zinandipeza ku Senga Bay Lachisanu madzulo, nditanyamula kale chambo cha apongozi, mayi wogulitsa akudikira K45,000 yake ilowe pa foni.

Kudina koyamba kachinthu kaja kanangozungulira zungulire kenako taimu auti. Mayi aja akuti bwerezani achimwene, netiweki ya kunyanja ndi choncho. Kubwereza, chimodzimodzi. Tili mkati mokangana mameseji awiri anagwa motsatizana, K45,000 yachoka, K45,000 inanso yachoka, koma pa foni ya mayi aja zii. Anandilanda nsomba zija mwaulemu ndithu nkuzibwezera m'beseni.

Usiku ndinakhala pansi kulemba imelo. Kungolemba kuti apu yanu sikugwira nkutaya nthawi, amakuyankha kuti zimitsani foni muyatsenso. Iwo amafufuza ndi refarensi, nambala ija imabwera mu meseji yodula ndalama, chifukwa kutumiza kulikonse kuli ndi yakeyake ngakhale ndalama ikhale yofanana. Ndiye ndinalemba kuti koyamba inali 17:42, refarensi yothera `4471`, kachiwiri 17:46, refarensi yothera `4503`, mu imelomo ndinazikopera zonse zathunthu osaphonya ndi chilembo chimodzi chomwe. Ndinaikanso deti, nambala ya akaunti, nambala ya wolandira, mawu enieni amene apu inalemba, balansi isanadulidwe ndi itadulidwa, ndiponso kuti ndinali pa data osati wayifayi. Ndinatchulanso kuti vutoli limakonda madzulo a kumapeto kwa mwezi, anthu akalandira. PIN sindinaike, imeneyo sapatsa munthu olo akhale wa ku banki komweko. Pomaliza pempho limodzi basi, bwezani K90,000 yanga ndipo mundipatse nambala ya dandauloli.

Sikirinishoti ndi imene inandiyalutsa. Nthawi yomwe ndimajambula ija, pamwamba panatsika meseji ya apongozi, ndipo inalowa nawo m'chithunzi zilembo zake zooneka bwinobwino: "Bambo a Chisomo, nsomba zija zili kuti, kapena ndalama mwamweranso?"

Lolemba anaimba mtsikana wa ku banki, mawu aulemu koma ukumva kuti munthu akudziletsa kuseka, kumbuyo kwake wina akuchita kutsokomola. Akuti bambo tazipeza zonse ziwiri, ya 17:46 inakanika ndiye tikubwezerani, koma ya 17:42 inadutsa mochedwa, inafika kwa wolandira usiku womwewo. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati kunyumba zinthu zili bwino, akuti ngati pakufunika kalata yaumboni atha kulemba.

Kalatayo ndinaikana. Ndinakwera kabaza kubwerera kwa mayi a nsomba aja, ndalama anavomera kuti inalowadi, koma chambo chinatha Lachisanu lomwelo, akuti nditenge usipa wa K45,000.