Madola 3,900 amene sanayenera kukhala pa bilu

Ntchito yanga kuno ku Amereka ndi kuthandiza odwala kumvetsa mabilu a kuchipatala. Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina wachikulire, maenvulopu atatu ali m'manja. Mwezi wathawo m'mimba munawapota usiku, anawo n'kuwathamangitsira kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi. Tsopano chipatala chimafuna madola 4,880.

"Mwana wanga, ndalama zoterezi ndizitenga kuti? Inshuwalansi ndimalipira mwezi ndi mwezi."

Ndinayamba ndi kalata ya a inshuwalansi, ija pamwamba pake palembedwa Explanation of Benefits, ife timangoti EOB. Kalatayi si bilu, ndipo imanena yokha. Imangofotokoza zimene chipatala chinapempha ndi mmene a inshuwalansi anawerengera. Pa Amount billed panali 6,800. Pa Allowed amount panali 2,900, womwe ndi mtengo umene chipatala ndi kampaniyo anagwirizana kale. Chipatala chikakhala mumgwirizano wotere, zotsalazo chimayenera kuzifufuta, osati kuzisenzetsa wodwala.

Ndinawerengera nawo papepala. Pa Deductible, gawo limene munthu amayamba walipira yekha chaka chilichonse, anatsala ndi 500. Tikachotsa pa 2,900 patsala 2,400. Pamenepo iwo amalipira 20 pa 100 iliyonse, ndiye 480, kampani n'kulipira 1,920. Zawo zonse zinali 980 basi.

Nanga 4,880 yachokera kuti? Ndinachotsa 980, panatsala 3,900. Ndinachotsanso 2,900 pa 6,800, yankho lomwelo. Kusiyana kukafanana ndendende chonchi, dziwani kuti kuchipatala analemba ndalama zimene kampani inalipira koma sanafufute gawo la mgwirizano. Pa chikalata chimene a chipatala amalandira, gawoli limakhala ndi chizindikiro CO-45, ndipo CO imasonyeza kuti wodwala sizikumukhudza. Zomukhudza zimayamba ndi PR.

Bilu imene mayiwo anabweretsa inali yachidule, mizere inayi yokha. Ine bilu yotere sindiikhulupirira, chifukwa imangoti labotale zakuti, mankhwala zakuti. Tinaimba foni limodzi, iwo n'kupempha bilu yolemba chinthu chimodzichimodzi ndi manambala ake. Inafika Lachitatu.

Apa ndiye pamadya nthawi. Ndimayala mapepala awiriwo pambali, rula pansi pa mzere, n'kumayang'ana tsiku, nambala ya chithandizo, ndi kangati. Nambala 99284, ya chipinda cha odwala mwadzidzidzi, inali konsekonse kamodzi. Nambala 74177, chithunzi cha CT cha m'mimba, chimodzimodzi. Koma 85025, kuyeza magazi, inalembedwa kawiri tsiku lomwelo, pa bilu ndi pa EOB pomwe. Mapepala awiri akagwirizana sindiye kuti zonse zili bwino, pakuti a inshuwalansi amangowerengera zimene atumiziridwa. Komanso kuyeza magazi kawiri kumachitika ndithu, dokotala akafuna kuona ngati zasintha, choncho sindinathamangire kunena kuti alakwitsa. Ndinawafunsa mayi.

"Anandibaya kamodzi kokha, apa," anatero akuloza mkati mwa chigongono.

Tinatsegula zotsatira za labotale pafoni yawo. Zinalipo za ulendo umodzi wokha, cha m'ma 2 koloko usiku. Mtengo wovomerezeka wa mzerewo unali madola 40, ndiye kwa iwo phindu lake ndi madola 8 okha. Ena amati zing'onozing'ono zotere n'kutaya nthawi. Ine ndimazitsatirabe, chifukwa ndi ndalama zawo, ndipo mbiri yawo ya kuchipatala iyenera kunena zoona.

Envulopu yachitatu ndi imene inawakwiyitsa kwambiri. Inali bilu ina ya 74177, yochokera ku gulu la madokotala. Iwo amati awalipiritsa chithunzi kawiri. Ndinawaonetsa kanambala 26 kumapeto kwake: kamatanthauza ntchito ya dokotala wowerenga chithunzicho, pomwe chipatala chimalipiritsa makina ndi owayendetsa. Biluyi inali ndi EOB yakeyake, ndipo ziwiri zinagwirizana. Ndinawauza mosabisa kuti iyi alipire. Nkhope inagwa, koma anamvetsa.

Lachinayi ndinakhala pafoni pafupifupi ola lathunthu ndi a maakaunti a chipatala. Za 3,900 anavomera msanga atangoona nambala ya pempho yolembedwa pa EOB. Za magazi anati atumiza kaye kwa oona za manambala, kenako pempho lokonzedwa lipite ku inshuwalansi. Ndinapempha kuti aimitse akaunti, isapite kwa otolera ngongole, ndipo ndinalemba tsiku, nthawi ndi nambala ya kuimba kwathuko kuseri kwa bilu.

Lachisanu ndinawaimbira mayi. Ndinati asalipire kanthu kuchipatala mpaka EOB yatsopano ifike, ndipo ikafika ayang'ane ngati pamzere womaliza palembedwa 972. Anandiuza ndibwereze nambalayo kawiri, akuilemba pa kalendala ya kukhitchini.